Momwe mungalembere zilankhulo zanu pa sivi popanda kukokomeza

Kuno ku Salima si chachilendo kupeza munthu amene amalankhula Chichewa pamsika wa Kamuzu Road, Chiyao kwa agogo ake ku Chipoka, ndiponso Chingerezi akakumana ndi alendo ku Senga Bay. Vuto limabwera polemba sivi yofunsira ntchito, chifukwa ambiri amangondandalika zilankhulo zonsezi pamzere umodzi ngati kuti amazidziwa mofanana, pamene china amangochimva chabe ndipo sanachilembepo n'kamodzi komwe.

Musanayambe kulemba siviyo, tengani pepala n'kuligawa zigawo zinayi, za kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba, ndipo chilankhulo chilichonse chikhale ndi mzere wakewake. Kugawa kumeneku ndiye mutu wa nkhani yonse, pakuti ana athu ambiri anaphunzira kuwerenga ndi kulemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi mokha, kotero munthu akhoza kukhala woti Chiyao anayamwira koma n'kumadodoma akapatsidwa kalata yolembedwa m'Chiyao chomwecho.

Kenako dziyeseni, ndipo muyeso wake ukhale ntchito imene mukufunsirayo, osati macheza a pakhonde. Tiyerekeze kuti mtsikana wa ku Chipoka akufunsira ntchito yoyenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kufunsa anthu mafunso a kafukufuku wa zaumoyo. Iyeyu atenge mafunso asanu okhudza malungo ndi sikelo ya amayi oyembekezera, apite nawo kwa mayi wachikulire wolankhula Chiyao, awafunse mmodzimmodzi ndipo abwereze mayankho awo kuti mayiwo atsimikize ngati wamva bwino. Ngati afika pafunso lachitatu n'kuthawira ku Chichewa chifukwa mawu amuthera, ndiye kuti Chiyao chake n'chapanyumba, ndipo alembe motero. Ngati wamaliza onse asanu mayiwo osamufunsa kuti akutanthauzanji, ali ndi ufulu wonena kuti amalankhula bwinobwino. Chingerezi achiyese mwa njira iwiri: alembe lipoti la tsamba limodzi popanda womuthandiza, kenako alifotokoze pakamwa kwa mphindi zitatu pamaso pa mphunzitsi amene sangamunyengerere. Ambiri a ife timapeza kuti dzanja lili patsogolo, lilime likutsalira, ndipo zimenezi si zochititsa manyazi kuzilemba.

Mukatero, sankhani mawu ochepa omveka, ndipo muyambe ndi chilankhulo chimene mumachidziwa koposa. Popeza sivi zambiri zimalembedwa m'Chingerezi, ya mtsikana uja ikhoza kuoneka chonchi:

```
Chichewa: mother tongue; speak, read and write
Chiyao: speak fluently; read slowly; do not write
English: read and write well (MSCE grade 4); speak fairly well
Kiswahili: basic, greetings and prices only
```

Taonani kuti pa Chingerezi waikapo umboni. Pa mayeso a MSCE, 1 ndi 2 ndiko kukhoza kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, pamene 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, ndipo wolemba ntchito wa m'Malawi muno amamva msanga tanthauzo la manambalawa. Komabe girediyo imachitira umboni kuwerenga ndi kulemba, osati kulankhula, n'chifukwa chake mbali ziwirizi wazisiyanitsa. Chiswahili chimene anatola kwa amalonda wachitchula monga momwe chilili. Ine ndikanamulangiza kuchichotseratu ngati ntchitoyo ilibe nacho gawo, chifukwa chilankhulo chilichonse chimene mwalemba ndi khomo limene mwatsegulira okufunsani.

Mabungwe ena akunja amafuna milingo ya ku Ulaya yoyezera luso la chilankhulo, yotchedwa CEFR, yomwe ilipo isanu ndi umodzi, kuyambira A1 ya woyamba kumene mpaka C2 ya katswiri. B1 ndi ya munthu amene amatha kudzithandiza pankhani za tsiku ndi tsiku, pamene B2 ndi ya amene angakambirane momasuka nkhani za ntchito yake. Milingoyi igwiritseni ntchito pokhapokha ngati chilengezo cha ntchito kapena fomu yaitchula, ndipo ngati mulingowo mwadzipatsa nokha popanda mayeso, nenani kuti ndi kudziyesa kwanu. Amene munalembapo mayeso a Chingerezi a IELTS lembaninso chaka chimene munalemba, chifukwa zotsatira zake zimalandiridwa kwa zaka ziwiri zokha m'malo ambiri.

Pomaliza, werenganinso mzere uliwonse tsiku la intaviyu lisanafike, mukudziwa kuti pagulu la ofunsa pangakhale wina wa ku Mangochi amene angasinthe chilankhulo mwadzidzidzi n'kukufunsani m'Chiyao chifukwa chimene mukufunira ntchitoyo. Mzere umene simungauteteze kwa mphindi ziwiri pamaso pa munthu ameneyo, utsitseni ndi sitepe imodzi musanatumize siviyo.