Kukongola ku Joni kuti mugule chimanga kumudzi: yambani mwawerengera

Tiyerekeze kuti mwasunga R20,000 ndipo mukufuna kugula chimanga nthawi yokolola kuti mudzagulitse mu Januwale, njala itafika pachimake. Mwaona kuti ndalamayo ndi yochepa, ndiye mwakongola R60,000 pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti pachaka. Mpamba wafika R80,000, koma chaka chikatha mudzabweza R75,000, zivute zitani.

Chimanga chikakwera ndi 30 peresenti, mugulitsa R104,000. Mukabweza ngongole mutsala ndi R29,000, phindu R9,000. Mukanagwiritsa ntchito zanu zokha, phindu likanakhala R6,000. Apa m'pamene anthu amakopekera.

Nanga mtengo ukangokhala pomwepo? Mutsala ndi R5,000 basi. Ukatsika ndi 10 peresenti, kapena anankafumbwe akadya matumba angapo, mugulitsa R72,000: ndalama zanu zonse zapita, ndipo mukadali ndi ngongole ya R3,000. Mnzanu amene sanakongole ali ndi R18,000 m'thumba. Chifukwa chake n'chakuti ngongole sitsika katundu akatsika mtengo. Kuluza konse kwa pa R80,000 kumagwera pa R20,000 yanu ija. Kuti mungobweza mpamba wanu, chimangacho chiyenera kukwera pafupifupi 19 peresenti, musanawerengere mankhwala, matumba, thiransipoti ndi kangachepe ka m'bale amene akukusungirani.

Inu a kunja muli ndi msampha wina: mumakongola marandi kapena mapaundi, koma mumagulitsa m'makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Zoterezi zitachitika ndalama zanu zili m'makwacha, R104,000 ija posintha ingabwere pafupifupi R72,000. Kumudzi akuti bizinesi yayenda, inu kuno mukusowa chobweza.

Musanasaine, dzifunseni ngati mungathe kubweza mwezi ndi mwezi kuchokera pa malipiro anu okha, bizinesiyo itapanda kubweretsa ngakhale tambala. Ngati yankho ndi ayi, isiyeni. Chimodzimodzinso ngati mumadalira maganyu, kapena ngati chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo chimadalira bwana mmodzi, monga ambiri osamalira okalamba ku UK: ntchito ikatha, ngongole imakukakamizani kugulitsa chimanga mu Ogasiti pa mtengo wongotaya.

Za amashonisa ndi katapila n'zosachita kufunsa. Pa 30 peresenti pamwezi, R10,000 imafuna R3,000 mwezi uliwonse, pomwe chimanga chili phee m'matumba kwa miyezi 8. Ndipo munda kapena nyumba ya makolo musaike chikole, chifukwa zikavuta osamuka ndi anthu amene sanakongole nawo.