Chizindikiro cha − m'seketi ya mabatire awiri

Ophunzira anga ku Kasungu ankapeza 3 A pa rezisita yapakati, koma yankho limeneli linkakana kugwirizana ndi malamulo a Kirchhoff. Seketiyo inali ndi batire la 12 V ndi la 6 V, lililonse pa nthambi yake pamodzi ndi rezisita ya 2 Ω, ndipo nthambi ziwirizo zinkakumana pa rezisita yapakati ya 4 Ω.

Tinajambula muvi pa nthambi iliyonse woonetsa kumene tinkaganiza kuti karenti ikulowera: I₁ pa nthambi ya 12 V, I₂ pa nthambi ya 6 V, ndi I₃ pa rezisita yapakati. Tinayambira pa mphambano, pomwe karenti yolowa imafanana ndi yotuluka, kenaka tinazungulira mbali iliyonse:

I₁ + I₂ = I₃
12 = 2I₁ + 4I₃
6 = 2I₂ + 4I₃

Titaika I₁ + I₂ m'malo mwa I₃, tinatsala ndi 12 = 6I₁ + 4I₂ ndi 6 = 4I₁ + 6I₂. Tinachulukitsa yoyamba ndi 3, yachiwiri ndi 2, n'kuchotsera, ndipo tinapeza I₁ = 2.4 A ndi I₂ = −0.6 A.

Vuto linali apa: iwo ankataya chizindikiro cha − poganiza kuti alakwitsa masamu, n'kuphatikiza 2.4 ndi 0.6. Ndinawaonetsa kuti chizindikirocho chimangonena kuti karenti ikuyenda mosemphana ndi muvi umene tinajambula, kutanthauza kuti batire lalikulu likutchaja laling'ono. Motero I₃ ndi 1.8 A, ndipo rezisita yapakati ili ndi 7.2 V, zomwe zikuposa 6 V ya batire laling'onolo.