Lekani kutokosa m'khutu ndi timitengo

Nyengo yokolola ino, pamene fumbi ndi mungu zikuyabwitsa anthu m'makutu, ndaona alimi ambiri akutokosa m'khutu ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga. Chizolowezi chimenechi chikugonthetsa anthu, koma ukawaletsa amangoyankha kuti akhala akutero kuyambira kale.

Njira ya khutu la munthu wamkulu ndi yaifupi, pafupifupi masentimita awiri ndi theka, ndipo kamtengo ka machesi ndi kotalika kuposa pamenepo. Kumapeto kwa njirayo kuli nembanemba yopyapyala ngati pepala, yomwe imanjenjemera mawu akaigunda. Kuseri kwake kuli timafupa titatu tolumikizana. Koyamba, kooneka ngati nyundo, n'komatirira ku nembanembayo, pomwe kotsiriza, komwe ndi fupa laling'ono kwambiri m'thupi lonse, ka mamilimita atatu okha, kamagogoda pa kazenera kolowera m'khutu lam'kati. Choncho amene wabaya nembanemba mwamphamvu amakankhanso timafupato, ndipo tikhoza kuguluka.

Mlimi wina anandifotokozera kuti ankatokosa khutu atakhala pansi, mwana wothamanga n'kumugunda chigongono. Anamva ululu wobaya, panatuluka magazi pang'ono, khutu linayamba kulira, ndipo ataimirira anadzandira n'kusanza. Iye anaganiza kuti ndi kutopa, nagona masiku atatu asanapite kuchipatala. Mpaka pano khutulo silimva bwino.

Chizungulire chimenecho ndicho chinali chizindikiro choopsa. Nembanemba yokha ikabooka, munthu amamva mawu ngati akuchokera kutali, koma bowolo nthawi zambiri limatsekeka lokha pasanathe miyezi iwiri ngati khutu lasungidwa louma. Kudzandira ndi kusanza kumasonyeza kuti vuto lafika m'kati kwenikweni, m'mene muli kokiliya, kachiwalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, pamodzi ndi timachubu titatu topindika timene timauza ubongo mmene mutu ukutembenukira. Zonsezi n'zodzaza ndi madzi amodzimodzi, n'chifukwa chake zimavulalira pamodzi. M'kokiliyamo muli timaselo ta tiubweya tosandutsa kugwedezeka kwa madziwo kukhala uthenga wopita ku ubongo, ndipo tikafa sitimeranso. Nembanemba dokotala akhoza kuigamba, ngakhale timafupa akhoza kutikonza pa opaleshoni, koma timaselo timeneti ayi.

Chondikwiyitsa n'chakuti phula la m'khutu limene anthu amalimbana nalolo si litsiro. Limagwira fumbi ndipo limatuluka lokha, pomwe kamtengo kamangolikanikizira m'kati.

Ngati mwadzibaya kale, musathiremo madzi, mafuta kapena mankhwala amene sanakulembereni achipatala, musamine mwamphamvu, ndipo posamba tsekani pakhomo pa khutu ndi thonje lopaka Vaselini. Pakakhala chizungulire, kusanza, mafinya, kapena khutu likasiyiratu kumva, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.