Mukuganiza kapena mukungobzikula ngati mbuzi?

Ine ntchito yanga ndi yoyendera magulu a banki mkhonde kuno ku Zomba, cha ku Thondwe, Jali mpaka uko ku Songani, ndipo mawu amene ndimawamva kwambiri Novembala akafika ndi akuti "alangizi, sindikugona, maganizo". Ndiye lero tisiye kaye za masheya tikambe za maganizowo, chifukwa pali kuganiza kuwiri kumene kumafanana nkhope koma ntchito zake ndi zosiyana.

Amene mukuweta mbuzi mukudziwa zimene imachita masana ikagona pamthunzi, imabweza udzu umene inameza m'mawa nkuyambanso kutafuna. Kubzikula kumeneko. Akatswiri a za maganizo anabwereka mawu omwewa ponena za munthu amene akungobweza nkhani imodzimodzi m'mutu. Kungoti mbuzi ikabzikula imanenepa, pomwe munthu amangowonda. Mayi wina wofufuza wa ku America, Susan Nolen-Hoeksema, anafotokoza mu 1991 kuti anthu amene amati akakhumudwa nkumangozungulira pa kukhumudwa kwawoko, kuti kwabwera bwanji ndipo kukutanthauza chani, amakhalitsa m'matenda ovutika maganizo kuposa anzawo. Chovuta nchakuti wobzikulayo amadzimva ngati akugwira ntchito yaikulu, mutu wake umatopa zenizeni, ndiye ukamuuza kuti palibe chimene wachita amakwiya.

Ndikuuzeni za mayi wina wa gulu lina, dzina lisiyeni. Anatenga ngongole ya K100,000 yopikulira tomato, yoti abweze K120,000 pamodzi ndi chiwongola dzanja. Tomato anachuluka pamsika, mtengo unagwa, madengu ena anaola. Pamene ndinakumana nawo anali atatha masabata awiri osagona bwino, kubweza kutatsala masabata atatu. Ndinawafunsa kuti usikuwo mumaganiza chani kwenikweni, tandiuzani mawu ake momwe amabwerera. Anati: "Chifukwa chani zimangondichitikira ine? Anzanga geni ikuyenda. Amuna anga anandiletsa ine osamva. Azimayi a pagulu aziti chani? Mwina ine ndine wa tsoka basi."

Kenako ndinawafunsa funso limodzi, kuti mayi, pa K120,000 imeneyi ikuperewera zingati? Anangokhala chete. Samadziwa! Masabata awiri athunthu akuganiza za ngongole usiku ndi usana koma sanawerengepo ndi kamodzi komwe. Musawaseke, tonse timachita zomwezi, ine ndemwe ndinakhalapo mwezi ndikudandaula za fizi ya mwana ndisanafunse nkomwe kusukulu ngati amalola kulipira mwapang'onopang'ono.

Chizindikiro choyamba ndi chimenecho, mvetserani mtundu wa funso limene likuzungulira m'mutu. Kubzikula kumakonda "chifukwa chani ine", "ndikanadziwa", "anthu aziti chani", mafunso oti ngakhale mutakhala nawo chaka yankho lake simungalinyamule nkupita nalo kwina. Kuthetsa vuto kumafunsa zingati, liti, ndani, ndiyambe ndi chiti. Edward Watkins wa ku yunivesite ya Exeter ku England wagwira ntchito yambiri pa mfundo imeneyi, yoti kuganiza mwachisawawa za tanthauzo la vuto kumamiza munthu, pomwe kuganiza za tsatanetsatane wa chimene chinachitika ndi chimene chingachitidwe kumathandiza. Mukaonetsetsa, mafunso a mayi aja onse anali okhudza iwowo ngati munthu, kuti ndi wotani, palibe ndi limodzi lomwe lokhudza ndalamayo.

Tinatenga kope la gulu nkutembenuza kumbuyo. Ndalama imene anali nayo pa tomato amene anagulika: K45,000. Anthu atatu amene anatenga tomato pangongole: K22,000 yonse pamodzi. Zonse K67,000, yotsala K53,000. Nkhope yawo inasintha pomwepo, osati kuti K53,000 ndi yochepa ayi, koma m'mutu mwawo amanyamula K120,000 yonse kuphatikizapo manyazi ndi mawu a amuna awo, zonse mtolo umodzi. Tinalemba njira zonse osasankha kaye: kugulitsa mbuzi imodzi, kupempha gulu kuti alipire imene ali nayo yotsalayo aikire nthawi, maganyu opalira, katapila. Katapila tinamufufuta titawerengera kuti mwezi wamawa vuto likhala lalikulu kuposa lero. Mbuzi anati ikhale yomaliza. Anasankha kupempha gulu, ndipo apa mpamene ndimaumirira, kuti "ndikalankhula nawo" si pulani. Pulani ndi yakuti Lachiwiri madzulo ndikawapeza amayi a tcheya kunyumba kwawo tsiku la msonkhano lisanafike, ndipo mawa m'mawa ndikayamba ndi amene ali ndi ngongole ya K10,000 pa anthu atatu aja.

Ndiye mukakhala nokha, yesani izi. Mukazindikira kuti mwalowa m'nkhani ija, yang'anani nthawi pa foni, dzipatseni mphindi ziwiri zokha muganize momwe mukuganiziramo. Zikatha dzifunseni: pali chatsopano chimene ndadziwa chomwe dzulo sindimachidziwa? Pali chimene ndingachite ndi manja kapena miyendo kapena pakamwa, chokhala ndi tsiku lake? Nanga mtima wapepukako? Ngati zonse zitatu ndi ayi, mukubzikula, dzukani mukachite china chofuna thupi, kutunga madzi, kusesa, kaya kupita kudimba. Kudziuza kuti "ndisiye kuganiza" sikugwira, maganizo amabwera ndi mphamvu kuposa poyamba. Chimene chimathandizako ndi kuwapatsa nthawi yawo, mphindi 15 masana muli ndi kope ndi cholembera, osati pamphasa usiku. Akabwera usiku lembani mzere umodzi muwauze kuti tionana mawa.

Koma samalani, kubzikula kumadziwanso kuvala yunifolomu. Alipo anthu amene amalemba pulani lero, mawa kuilembanso, mkuja kufunsa munthu wachisanu maganizo ake, koma phazi osasuntha. Kapena awiri kukhala pachitsime tsiku lililonse kubwereza nkhani yomweyo ya apongozi, onse kubwerako mitima itatupa. Muyeso wake ndi umodzimodzi, pakatha sabata pali chimene chachitika kunja kwa mutu?

Palinso nkhani zimene zilibe chokonza. Amene anataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 simungawapatse kope kuti lembani njira zinayi. Chisoni chimafuna kulira, kukamba ndi anthu, mapemphero, nthawi. Chimene mungapatule ndi kachidutswa kokhala ndi chochita, monga denga kapena mbewu, koma "ndikanapanda kuwasiya tsiku lija" alibe sitepe yotsatira ndipo kumukakamiza kukhala vuto loti lithetsedwe ndi kudzizunza.

Ku Zimbabwe vutoli amalitcha kufungisisa, kutanthauza kuganizitsa, ndipo dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yoti agogo aakazi ophunzitsidwa azikhala pa benchi kunja kwa zipatala kuthandiza anthu ndi njira yomweyi: tchula mavuto, sankha limodzi, pezani chochita. Ndiye si zachizungu ayi. Koma kope lili ndi malire ake. Ngati padutsa masabata awiri tulo palibe, chakudya sichikulowa, zimene mumakonda sizikukomanso, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, zimenezo si za alangizi a banki mkhonde. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala chimene muli nacho pafupi, akaona kuti nkofunika akutumizani ku Zomba Central kapena ku chipatala cha matenda a maganizo chomwe chili konkuno ku Zomba.

Mayi aja gulu linawalola kubweza yotsalayo m'miyezi iwiri, chiwongola dzanja chikuwerengedwabe. Pa K22,000 ija anangotolera K14,000, winayo mpaka pano akuzemba, ndiye mbuzi ija inagulitsidwa ndithu mu Januwale.