Poyankha kalata ya msonkho woonjezera pa boda ya Mchinji

A MRA akakulemberani kuti mtengo wa katundu wanu sakuukhulupirira ndipo muonjezere msonkho, yankhani polemba tsiku lomwe aika m'kalatamo lisanadutse. Kudandaula pakamwa sikulowa m'failo.

Tinene kuti munagula matayala a ku China ku Lusaka, n'kulemba K4,000,000, iwo n'kukweza kufika K6,000,000. Ngati msonkho ndi 25 peresenti, K500,000 yaonjezekera, ndipo VAT nayo ikwera.

Invoisi payokha siithandiza kwenikweni, poti ndi yomwe akuikayikirayo. Chomwe chimalankhula ndi umboni wa kubanki wosonyeza ndalama zomwe zinapitadi kwa wogulitsa, zofanana ndendende ndi za pa invoisi. Amene munalipira pamanja mudzavutika. Sungani malisiti ndi mauthenga omwe munkanenererana mtengo.

Musanalembe, onani kaye mapepala omwe ejenti wanu wotulutsa katundu pa boda anapereka. Mtengo umene amawerengerapo msonkho umaphatikiza thiransipoti ndi inshulansi, ndiye ngati anaziiwala, gawo limenelo livomereni, mutsutse lotsalalo. Apempheninso a MRA afotokoze katundu amene anayerekeza naye wanuyo, mwina ndi matayala a mtundu wodula. Kope yanu ya yankholo aidinde chidindo.