Momwe mungayezere phazi musanagule nsapato

Tengani pepala, pensulo ndi rula ya mwana wasukulu. Tepi ya atelala imagwiranso, koma yakale imakhala itatanuka, ndiye imanama.

Choyamba ndi nthawi. Yezani madzulo, cha m'ma 17 koloko, mutayenda kale tsiku lonse. Munthu akagona usiku, madzi a m'thupi amamwazikana, ndipo m'mawa phazi limadzuka lochepa. Akayamba kuimirira ndi kuyenda, madziwo amatsikira kumapazi, phazi n'kutupa pang'ono, makamaka m'mbali ndi pamwamba. Mu Okutobala, ndi dzuwa lathu la ku Chipata kuno, kutupako kumawonjezeka.

Apa ndi pamene ndinapusa ine. Mlamu wanga anandiuza kuti andibweretsera nsapato za ukwati kuchokera ku Lusaka, nditumize nambala. Ndinayeza m'mamawa, nditakhala pabedi, wopanda sokosi, n'kupeza masentimita 26. Zinabwera za 41, zokongola ndithu. Kutchalitchi zinandisunga bwino, koma pofika nthawi yovina chala chaching'ono chinali chitatuluka thuza, chidendene chikuyaka moto. Ndinamaliza ukwatiwo nditavala mapatapata obwereka, suti ili m'thupi. Nditayezanso bwino madzulo ena, phazi lomwelo linakwana 26.5.

Ndiye musakhale pansi. Ikani pepala pasimenti, ligunde khoma. Valani sokosi zomwe muzidzavalira nsapatozo, imirirani papepalapo chidendene chitagunda khoma, thupi lilemere pamapazi onse awiri. Wina alembe kamzere pamene pathera chala chachitali kwambiri, chifukwa mukawerama nokha phazi limasuntha. Kwa ena chachitali si chachikulu ayi, ndi chotsatira chake. Pensulo iime chilili. Kenako yezani ndi rula kuchokera kukhoma kufika pakamzereko. Yezaninso phazi linalo, ndipo mutsate lalikulu, poti awiriwa salingana kawirikawiri.

Tsopano masamu. Pa nambala za ku Ulaya, zija za 39, 40, 41, wonjezerani masentimita 1.5 a mpata wa zala, kenako chulukitsani ndi 1.5. Kwa ine, 26.5 kuwonjezera 1.5 ndi 28, kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 42. Pa nambala za UK imeneyo ndi 8, pomwe za US zachimuna zimalembedwa 9 kapena kuchepera pang'ono, choncho onani zilembo zili pambali pa nambalayo.

Pasalaula, kaya ku Kapata kaya ku Saturday Market, nambala yolembedwa kunsi ndi cholembera musaikhulupirire. Onani kansalu ka palilime la nsapato. Ndipo wogulitsa akati, "Idzatanuka, abwana, tengani ndikuchotserani," dziwani kuti chikopa chimatanuka m'mbali mokha, m'litali ayi. Zapulasitiki ndiye n'komwe.

Valani zonse ziwiri, mangani zingwe, yendani pang'ono. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wokwana chala chachikulu cha dzanja chopingasa, ndipo chidendene chisamavuke poyenda. Za ana, yezaninso temu iliyonse.