Kwa inu amene mukufuna atachimenti kuno ku Joni

Ana athu ambiri amalemba pa sivii kuti "ndine wolimbikira ntchito," basi. Wolemba anthu ntchito ku Sandton kapena ku Braamfontein mawu amenewo wawaona kambirimbiri, ndipo pepala lotero amangoliika pambali.

Pa ndime yoyamba ya sivii, yofotokoza za inu, mizere itatu kapena inayi yakwana. Nenani kaye kuti ndinu ndani: mwachitsanzo, muli chaka choyamba ku Wits kapena ku UJ, mukuphunzira zowerengera ndalama. Kenako chimene munachitapo ndi manja anu, ngakhale simunalipidwe. Ngati Loweruka lililonse mumathandiza azakhali kushopu yawo ku Rosettenville, lembani kuti mumawerengera katundu, kulemba za malonda m'buku ndi kubweza chenji. Imeneyo ndi ntchito, musaichitire manyazi. Tchulaninso zilankhulo zanu, makamaka ngati Chizulu mumachitha.

Pomaliza nenani chimene mukufuna ndi nthawi yake, monga ganyu ya holide kuyambira Novembala mpaka Januwale.

Amene muli pa viza ya sukulu, dziwani kuti lamulo limalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata. Lembani zimenezi poyera, abwana asachite kukaika okha n'kukusiyani osakuyimbirani foni.